Musanataye thiraki, yambani mwaimvera

Mafilimu ambiri amene timapatsana pa mafulashi kuno ku koleji amakhala atadutsa kale m'manja mwa munthu wina amene anawachepetsa kuti akwane m'foni kapena mu laputopu yodzadza ndi manotsi. Munthu ameneyo sitimudziwa, koma anatisankhira zinthu ziwiri zikuluzikulu: chilankhulo chimene tidzamve, ndi mawu olembedwa pansi pa chithunzi, masabutaitulo aja, amene tidzawerenge. Zimene iye anataya sizibwereranso. Fayilo ikangochoka pa laputopu yake n'kulowa m'mafulashi khumi, anthu khumiwo ndi ena onse amene adzakopere kwa iwo adzaonera filimu monga mmene iye anaisiyira. Ndiye pamene wochepetsa fayiloyo ndi inuyo, nkhani ya mathiraki musaisiyire pulogalamu.

Ndikunena izi chifukwa pulogalamu mukaisiya payokha imasankha ndithu, ndipo sikufunsani. Tengani `ffmpeg`. Mukaipatsa fayilo ya mathiraki khumi osaiuza kanthu, imatenga chithunzi chimodzi, thiraki imodzi ya mawu, ndipo nthawi zina masabutaitulo amodzi, basi. Posankha thiraki ya mawuyo imayang'ana chizindikiro cha `default` ndi kuchuluka kwa matchanelo. Zoti inu mumamva Chingerezi osati Chijeremani ilibe nazo ntchito. HandBrake nayo, mapulisethi ake ambiri amangotenga thiraki yoyamba imene yapezeka. Mumadikira maola awiri laputopu ikutentha ngati mbaula, magetsi ali chilendo, kenako mutsegule fayilo yanu mupeze Brad Pitt akulankhula chilankhulo chimene sanalankhulepo pa tsiku lojambula.

Ndatchula Brad Pitt dala. Filimu imene ndimakonda kuphunzitsira nkhaniyi ndi Inglourious Basterds ya Quentin Tarantino, ya mu 2009, yotalika mphindi 153. Pa chikuto imaoneka ngati filimu ya Chingerezi, koma mbali yaikulu anthu amalankhulamo Chifalansa ndi Chijeremani, ndi Chitaliyana pang'ono cha kumapeto. Ndipo zilankhulozi si zokongoletsera ayi, nkhani yonse yatsamira pa izo. Chigawo choyamba chili pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Falansa mu 1941. Msilikali wa Chinazi Hans Landa, amene anaseweredwa ndi Christoph Waltz, akucheza ndi mwini famu m'Chifalansa, mwaulemu wake, kenako akupempha kuti apitirize m'Chingerezi. Woonera amayamba waganiza kuti ndi njira chabe yoti filimu ya ku Amereka ibwerere ku Chingerezi. Pakapita mphindi zingapo m'pamene umazindikira kuti pansi pa matabwa a nyumbayo pabisala banja la Chiyuda limene silimva Chingerezi, ndipo Landa akudziwa. Wasintha chilankhulo kuti akambirane za imfa yawo iwo ali chete pansi pa mapazi ake, osamva kanthu.

Taganizani tsopano kuti mwasunga thiraki imene mawu a Chingerezi anawachotsa n'kuikapo anthu ena olankhula chilankhulo china. Ngakhale omasulirawo atayesetsa bwanji, malire a pakati pa amene akumva ndi amene sakumva amakhala atasuntha. N'chimodzimodzi chigawo cha m'bawa ya pansi pa nyumba, pamene kazitape wa ku Britain, Michael Fassbender, akulankhula Chijeremani chabwino koma katchulidwe kake kakudabwitsa Ajeremani enieni, mpaka adziulula yekha poitanitsa mowa ndi zala zitatu zosayenera. Kapenanso ku malo oonetsera filimu kuja, pamene Brad Pitt ndi anzake akunamizira kukhala Ataliyana, Landa n'kuwakhuthulira Chitaliyana chosalala iwo n'kumangoti kakasi. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha mukumva mawu amene anajambulidwa poyamba. Lamulo langa loyamba limachokera pamenepa: thiraki ya mawu oyambirira a filimu sinditaya, kaya ndi Chikoreya cha mu Parasite, kaya Chihindi, kaya Chisipanishi. Zina zonse tikhoza kukambirana.

Fayilo imene ndili nayo anapanga ndi msuweni wanga amene amaphunzira ku Jeremani, kuchokera ku chimbale chimene anagula komweko, ndipo anaonjezeramo yekha masabutaitulo ena. Chinthu choyamba pa fayilo ina iliyonse ndi kuona zimene zili m'kati musanakhudze kalikonse:

```
ffprobe -hide_banner filimu.mkv
```

Ndadula zina zosafunika pano, koma zimene zimatuluka ndi izi:

```
#0:0       Video: h264, 1920x1080
#0:1(ger)  Audio: dts, 5.1, 1536 kb/s (default)
#0:2(eng)  Audio: dts, 5.1, 1536 kb/s
#0:3(eng)  Audio: ac3, stereo, 192 kb/s
#0:4(fre)  Audio: ac3, 5.1, 640 kb/s
#0:5(ger)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle (default)
#0:6(eng)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
#0:7(eng)  Subtitle: subrip
#0:8(eng)  Subtitle: subrip
#0:9(fre)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
```

Amene sakonda kulemba malamulo angathe kuona zomwezi ndi MediaInfo kapena MKVToolNix, zonse ndi zaulere. Taonani pamene pali `default`: pa Chijeremani ponse pawiri. Kwa msuweni wanga n'zomveka, akuphunzira chilankhulocho. Koma ine nditangodina batani osayang'ana, ndikanatuluka ndi filimu ya Chijeremani chokhachokha.

Funso lachibadwa n'lakuti, bwanji osangosunga zonse? Yankho lake ndi masamu osavuta amene aliyense angachite pa foni. Tengani nambala ya `kb/s`, gawani ndi 8 kuti mupeze makilobayiti pa sekondi, kenako chulukitsani ndi masekondi a filimu. Mphindi 153 ndi masekondi 9,180. Thiraki ya 1536 imadya makilobayiti 192 pa sekondi, ndiye filimu yonse ndi mamegabayiti pafupifupi 1,760. Zilipo ziwiri zotere. Ya Chifalansa ija ya 640 ndi mamegabayiti 734, ndipo yaing'ono ya 192 ndi 220. Mukaphatikiza mupeza mamegabayiti pafupifupi 4,480 a mawu okha, chithunzi tisanachiwerengere n'komwe. Fulashi imene inakonzedwa ndi `FAT32`, yomwe ma TV ambiri akale amawerenga mosavuta, silola fayilo imodzi yopitirira magigabayiti 4. Ndiye mawu okhawo sangalowe. Pamene thiraki imodzi mutaisandutsa `aac` ya matchanelo awiri pa 160, imatsika kufika mamegabayiti 184.

Masabutaitulo nkhani yake ndi ina. Amene alembedwa `subrip`, omwe ambirife timawadziwa ngati fayilo ya `.srt`, ndi malemba wamba okhala ndi nthawi yoti aonekere. Filimu yonse sifika ngakhale megabayiti imodzi. Chithunzi chimodzi chimene mwajambula ndi foni chimawaposa kukula. Choncho munthu amene amataya masabutaitulo otere ati posunga malo sanasunge kanthu, wangomana mnzake wa mawa. Kuumira kuzikhala pa mathiraki a mawu, pa masabutaitulo muzikhala owolowa manja.

Tsopano pali mathiraki awiri a mawu olembedwa `eng`. Apa m'pamene anthu ofuna kusunga malo amakodwa, chifukwa yachiwiri ija ndi yaing'ono kale, ya matchanelo awiri kale, ndipo imaoneka ngati mphatso: ingokoperani osasintha kanthu. Koma chizindikiro cha `eng` chimangonena chilankhulo, sichinena ntchito ya thirakiyo. Pa zimbale zambiri, thiraki yaing'ono ya Chingerezi imene imabwera pambuyo pa yaikulu imakhala ina mwa ziwiri izi: ndemanga za wotsogolera filimu ndi anzake akucheza pamwamba pa filimuyo, kapena mawu a munthu wofotokozera anthu osaona zimene zikuchitika pa chithunzi. Pa fayilo yangayi ndi yachiwiriyo. Mukaitsegula mumamva filimu bwinobwino, koma pakakhala chete pamalowa mawu odekha onena kuti wakuti watsegula chitseko, wakuti wayang'ana pansi. Kwa mnzathu amene saona, imeneyi ndiye thiraki yofunika kuposa zonse, ndipo ngati fayilo ikupita kwa iye muisunge, mamegabayiti 220 si ambiri. Koma ikhale yosankha mwadala, osati yotsala yokha m'fayilo chifukwa inali yaing'ono.

Chizindikiro cha chilankhulo nachonso chimanama. Amalemba ndi munthu, ndipo munthu amaiwala. Nthawi zina mupeza `und`, kutanthauza kuti sichikudziwika. Choseketsa n'chakuti m'malamulo a fayilo ya MKV, malo olembapo chilankhulo akasowekeratu, thirakiyo imatengedwa ngati `eng`. Ndiye mutha kuona `eng` pa thiraki ya Chirasha popanda amene ananama dala. Mankhwala ake ndi khutu basi. Tsegulani fayilo mu VLC, pitani pakati pa filimu pamene anthu akulankhula, dinani `B` kuti musinthe thiraki ya mawu, ndi `V` kuti musinthe masabutaitulo. Thiraki iliyonse ipatseni theka la mphindi. Pa filimu ngati iyi samalani posankha malo oyesera: mukayesera pa chigawo cha m'bawa chija, thiraki yoyambirira ndi yomasulira m'Chijeremani zonse zidzamveka Chijeremani, ndipo simudzasiyanitsa. Yeserani pamene Brad Pitt akulankhula ndi asilikali ake. Ngati akumveka ndi Chingerezi chake chokoka cha ku Tennessee, ndipo milomo ikugwirizana ndi mawu, imeneyo ndiye yoyambirira.

Masabutaitulo a `eng` alipo atatu, ndipo pamenepa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Kawirikawiri amakhala a mitundu itatu. Oyamba amalemba chilichonse cholankhulidwa, kaya m'Chingerezi kaya m'chilankhulo china. Achiwiri, amene mumawaona atalembedwa `SDH`, ndi a anthu osamva kapena ovutika kumva: kuwonjezera pa zolankhula amalemba dzina la amene akulankhula ndi phokoso lina, monga kulira kwa mfuti kapena nyimbo. Achitatu ndi a `forced`, amene amangotuluka pamene anthu akulankhula chilankhulo chachilendo, kwina konse amakhala chete. Pa fayilo yanga, `0:6` ndi a anthu osamva, `0:7` ndi athunthu, `0:8` ndi ofupika aja. Palibe chimene chinalembedwa pa iwo chondiuza zimenezi. Ndinazipeza ndi batani la `V` lija, poyesera malo awiri: pamene akulankhula Chingerezi, ndi pamene akulankhula Chifalansa. Amene akhala chete pa Chingerezi n'kutuluka pa Chifalansa, amenewo ndi ofupika. MediaInfo imathandizanso chifukwa pa mafayilo ambiri a MKV imaonetsa `Count of elements`, kuchuluka kwa mizere. Ochuluka kwambiri amakhala a anthu osamva, ochepa kwambiri amakhala ofupika.

Kutaya masabutaitulo ofupikawa ndiye vuto limene ndimakumana nalo kwambiri pa mafayilo ozungulira kuno. Wochepetsa fayilo amaona kuti filimu ndi ya Chingerezi, thiraki yalembedwa `eng`, ndiye akuti masabutaitulo ndi a chiyani. Pa filimu zina mumangotaya mizere isanu ya zigawenga zolankhula Chirasha ndipo nkhani mumaitolabe. Pa filimu iyi mumataya zigawo zathunthu. Mumakhala mphindi makumi awiri mukuyang'ana anthu akumwa ndi kuseka m'bawa, kenako mfuti zikulira, osadziwa chimene chayambitsa. Ndamvapo anzanga akunena kuti filimuyi ndi yotopetsa, ndipo nditafunsitsa ndinapeza kuti anaonera yopanda lemba ngakhale limodzi.

HandBrake ili ndi njira yofufuzira yokha masabutaitulo amenewa, yotchedwa `Foreign Audio Scan`. Imayenda m'masabutaitulo a chilankhulo cha thiraki yanu kufunafuna amene ali ndi chizindikiro cha `forced`, kapena amene amaoneka mwa apo ndi apo, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa filimu wamba imagwira bwino. Koma mwaona kale vuto lake apa: pa filimu imene chilankhulo chachilendo chadzaza theka ndi kupitirira, masabutaitulo ofupikawo si ofupika kwenikweni, ndiye ngati alibe chizindikiro, monga anga a `0:8`, njirayi ikhoza kuwadumpha. Komanso pali mafayilo ena amene kumasulira kwa zigawo zachilendo kunawotcheredwa kale pa chithunzi. Pa otero, masabutaitulo athunthu nthawi zina amadumpha dala zigawo zimenezo, kapena amalemba pamwamba pa malemba omwe alipo kale, zonse n'kusokonekera. Zimitsani masabutaitulo onse, pitani pa famu paja, muone ngati pali malemba amene atsalabe. Ngati alipo, ndi mbali ya chithunzi, simungawachotse ndipo simungawataye.

Apa ndili ndi maganizo amene amasiyana ndi zimene opanga zimbale amaganiza. Lingaliro la masabutaitulo ofupika limatenga woonera ngati munthu amene Chingerezi chilichonse amachimva popanda vuto, ndipo chachilendo kwa iye ndi china chilichonse. Ife Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, kwa aphunzitsi otchula chilembo chilichonse. Chingerezi cha kum'mwera kwa Amereka, chotulukira m'kasipika ka laputopu, m'chipinda cha anthu anayi wina akukazinga soya, sichimveka chonse. Palibe chamanyazi pamenepo. N'chifukwa chake pa mafayilo anga amene amayamba okha ndi athunthu, ofupika ndimawasunga achiwiri kwa amene malemba amamusokoneza. Kuti chachilendo n'chiti zimadalira amene wakhala pampando. Tinazionera pa The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Kwa woonera wa ku London, Chichewa ndicho chofunika kumasulira. Kwa agogo anu, chofunika kumasulira ndi Chingerezicho. Ndipo kunena zoona, Chichewa cha ena mwa ochita seweroli chinatipangitsa ngakhale ife eni ake kusuzumira pa malemba a Chingerezi kuti titsimikize zimene tamva. Mwa njira, ngati mudzalembe masabutaitulo a Chichewa a filimu ina, chizindikiro chathu ndi `nya`. Chiikeni, kuti wobwera pambuyo panu asamachite kulota.

Pali kusiyana kwina kumene kumasankhiratu mtundu wa fayilo imene mutulutse. Masabutaitulo olembedwa `hdmv_pgs_subtitle`, ochokera pa zimbale za Blu-ray, si malemba ayi, ndi tizithunzi ta malemba. Kompyuta siwaona ngati zilembo. Amalemera mamegabayiti angapo mpaka makumi angapo, ndipo MP4 siwalandira. Mukayesa kuwakakamiza ndi `ffmpeg` kuti akhale malemba imakana ndi uthenga uwu:

```
Subtitle encoding currently only possible from text to text or bitmap to bitmap
```

HandBrake ikamatulutsa MP4 imangowawotchera pa chithunzi, ndipo mungawotche amodzi okha. Kuti asanduke malemba enieni pamafunika pulogalamu yowerenga zithunzi monga Subtitle Edit, kenako inu kukonza zilembo zimene yasokoneza, ntchito ya madzulo onse. MKV imalandira mitundu yonse iwiri popanda kusintha. MP4 imalandira malemba okha, ndipo mumayenera kuiuza `-c:s mov_text`. Ine ndimasankha MKV pokhapokha chipangizo chimene ndikufuna kuonerapo chikakana. Pa fayilo iyi mwayi ulipo chifukwa athunthu ndi ofupika onse ndi malemba. A anthu osamva aja ndi tizithunzi, ndiye amalowa mu MKV mokha, ndipo ma TV ena sawaonetsa kuchokera pa fulashi.

Popeza awiri a malembawo msuweni wanga anachita kuwonjezera, pali chinthu china choyesa. Masabutaitulo opangidwira filimu yothamanga zithunzi 25 pa sekondi, monga zimbale za DVD za ku Ulaya, sagwirizana ndi ya Blu-ray yothamanga 23.976. Kusiyanako ndi pafupifupi 4 pa 100 iliyonse. Kumayambiriro simungaone kanthu kwenikweni, koma pa filimu ya mphindi 153, pofika kumapeto malemba amakhala atatsogola ndi mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi. Choncho yesani koyambirira ndi kothera komwe. Ngati kusiyana kuli chimodzimodzi ponse pawiri, n'kungowasuntha pang'ono. Ngati kukukulirakulira, vuto ndi liwiro, ndipo Subtitle Edit yomweyo ili ndi pokonzera.

Zonse zikadziwika, lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -map 0:v:0 -map 0:a:1 -map 0:s:2 -map 0:s:3 \
  -c:v libx264 -crf 22 -vf scale=1280:-2 \
  -c:a aac -b:a 160k -ac 2 -c:s copy \
  -disposition:a:0 default -disposition:s:0 default -disposition:s:1 0 \
  -metadata:s:s:0 title="Athunthu" -metadata:s:s:1 title="Ofupika" \
  yatsopano.mkv
```

Mbali ya `-map` ndiyo kusankha kwenikweniko. Mukangolemba `-map` kamodzi, pulogalamu imasiya kudzisankhira ndipo imatenga zokhazo zimene mwatchula, mu ndondomeko imene mwazitchulira. Msampha uli pa kawerengedwe. Kuwerenga kumayambira pa 0, ndipo `0:a:1` akutanthauza thiraki yachiwiri pakati pa mathiraki a mawu okha, imene pa mndandanda uja ndi `0:2`. Mukaiwala chilembo cha `a` n'kulemba `0:1`, mwatenga Chijeremani. Chimodzimodzi `0:s:2` ndi masabutaitulo achitatu, aja a `0:7`. Pali njira yachidule yosankhira ndi chilankhulo, `-map 0:a:m:language:eng`, koma pa fayilo iyi ingatenge mathiraki onse awiri a `eng`, wofotokozera uja n'kukwera nawo.

Mizere ya `-disposition` ikuuza chipangizo choonerapo zoti chiyambe nazo chokha. Apa manambala akuwerenga za m'fayilo yatsopano, osati yakale, ndiye `s:0` ndi athunthu aja poti ndiwo ndinayamba kuwatchula. Ena angafunse chifukwa chimene sindinaike chizindikiro cha `forced` pa ofupikawo. Ndi chifukwa chakuti mapulogalamu oonera sagwirizana pa zoti achite akapeza masabutaitulo ena ali `default` ena ali `forced`. Ina imatenga awa, ina imatenga awo. Ndimakonda chizindikiro chimodzi chokha, kuti fayilo ichite chimodzimodzi kulikonse kumene yapita. Mayina aja a `title` ndi ulemu chabe kwa amene adzalandire fayilo: akatsegula mndandanda aone dzina lomveka m'malo mwa mizere iwiri yofanana.

Za `-ac 2` ndinenepo pang'ono. Mu 5.1 muli matchanelo asanu ndi limodzi, ndipo zolankhula zambiri zimakhala mu tchanelo yapakati. Foni, laputopu ndi mahedifoni zili ndi mbali ziwiri zokha, ndiye kusunga matchanelo onsewo n'kunyamula katundu amene simudzamugwiritsa ntchito. Kuwonjezera apo, ma TV ambiri sawerenga `dts` kuchokera pa fulashi. Chithunzi chimayenda bwinobwino koma kuli zii, mwina ndi kauthenga pakona konena kuti mawuwo sakuwadziwa. Zikatero fayilo sinaonongeke, thirakiyo ndiyo ili mu mtundu umene TV siidziwa. `aac` ya matchanelo awiri imamveka pafupifupi pa chilichonse. Choipa chake n'chakuti posakaniza matchanelo, zolankhula nthawi zina zimatsika poyerekeza ndi mfuti ndi nyimbo. Yeserani chigawo chimene anthu akulankhula motsitsa, monga pa famu paja, pa sipika imene mudzaonere, osati pa mahedifoni okha.

Kuwotchera masabutaitulo pa chithunzi, `Burn In` mu HandBrake, ndimakuona ngati njira yomaliza. Kuli ndi ntchito yake: TV ya kunyumba imene sionetsa malemba a m'kati mwa fayilo, kapena fayilo yopita kwa munthu amene mukudziwa kuti sadzafufuza m'mamenyu. Pa filimu ngati iyi kuwotcha ofupikawo n'komveka, chifukwa palibe amene angaionere popanda iwo kupatula wodziwa zilankhulo zinayi. Koma zowotchedwa sizizimitsika, sizikulitsika, ndipo mukadzafuna kuikapo athunthu adzakhala pamwamba pa anzawo. Tikuzidziwa kale izi kuchokera ku mafilimu a m'mavidiyo sho, aja omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Ndimawakonda, ena mwa anyamata amenewo ali ndi luso la nthabwala loposa filimu imene akumasulirayo. Koma mawu awo anasakanizidwa ndi a filimu mu thiraki imodzi, ndipo palibe batani limene lingawalekanitse. Akanakhala kuti amawaika pa thiraki yawoyawo yolembedwa `nya`, yoyambirira ili pambali, fayilo imodzi ikanakwanira agogo ndi mdzukulu yemwe.

Ngati vuto lanu si kukula kwa chithunzi koma kungochotsa mathiraki ochuluka, musavutitse laputopu ndi kukonveta. Tsegulani fayilo mu MKVToolNix, chotsani kachizindikiro pa mathiraki osafunika, dinani `Start multiplexing`. Imangokopera zotsalazo osazisintha, imatha m'mphindi zochepa, ndipo chithunzi sichitsika ngakhale pang'ono. Pa fayilo yangayi, kuchotsa Chijeremani, Chifalansa ndi wofotokozera uja kumapulumutsa mamegabayiti oposa 2,700 musanakhudze china chilichonse.

Musanalole kuti laputopu igwire ntchito maola awiri, ikani `-t 300` patsogolo pa dzina la fayilo yatsopano kuti ipange mphindi zisanu zoyambirira zokha. Kafayilo kameneko kaikeni pa fulashi, kayeseni pa TV kapena foni yeniyeniyo imene filimu ikupita. Pa filimu iyi mphindi zisanu zikukwanirani kuona ngati malemba akutuluka pa Chifalansa, koma kuti mumve ngati mwatenga thiraki yoyenera muyenera kufika pamene Landa akusintha chilankhulo, ndiye ikani `-t 900`. Fayilo yonse ikatha, iyendetseninso ndi `ffprobe` muwerenge mathiraki: chithunzi chimodzi, mawu amodzi, masabutaitulo awiri. Yaikuluyo muifufute mutaonera yatsopanoyo mpaka chigawo cha Chitaliyana chija, chimene chili chakumapeto, poti ndi pamene malemba otsogola kapena otsalira amaonekera bwino.